Talala Likadulidwa Pakati

Mvula ya matalala siibwera mwakachetechete. Pamalata imayamba ndi kaphokoso kamodzikamodzi ngati mwana wopulupudza akugenda denga, kenaka phokoso limakula mpaka anthu okhala pamkeka umodzi osamvana. Pakangopita mphindi zisanu kapena khumi, kuli zii. Ana amathamangira pabwalo kukatola timiyala toyerato n'kumaponya m'kamwa, pamene mlimi wa fodya amalowera kumunda wosayankhula ndi munthu, poti akudziwa kale zimene akapeze: masamba obookabooka ngati sefa, oti kuokushoni sangawayang'ane kawiri.

Mwa onse amene anatolapo matalala, ndi ochepa amene anayesapo kudula limodzi pakati. Mukapeza lalikuluko, ngati nthudza kapena kuposerapo, n'kulikhutiza pa chivundikiro cha poto chofunda mpaka theka litasungunuka, mumaona chinthu chodabwitsa. Pakati penipeni pali kanjere. Kuzungulira kanjereko pali mzere woyera ngati mkaka, kenaka wina woonekera mkati ngati galasi, kenaka woyera winanso. Kunena mwachidule, ayezi ameneyu amaoneka ngati anyezi wodulidwa.

Ambiri a ife tinauzidwa kusukulu kuti mizere imeneyi ndi chiwerengero cha maulendo. Ati talala limakwera pamwamba pa mtambo, n'kutsika, mphepo n'kulikwezanso, ndipo ulendo uliwonse umasiya mzere wake. Ndi nkhani yokoma kumva ndiponso yosavuta kujambula pabolodi. Koma akatswiri amene akhala akudula matalala kwa zaka zambiri anapeza kuti mizere imakamba nkhani ina. Imatiuza ngati khungu la talala linali louma kapena lonyowa pa nthawi imene gawo limenelo linkakula, ndipo zimenezi zikhoza kusinthasintha ngakhale talala lisanatsike ndi mita imodzi yomwe.

Tiyambire pansi, pomwe pamayambira zonse. Matalala amakonda kugwa masana otentha, makamaka kumayambiriro a dzinja, ndipo funso limene ana amafunsa ndi lanzeru: ayezi akuchokera kuti kunja kukutentha chonchi? Yankho lili kumwamba. Munthu akamakwera, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka pa kilomita iliyonse. Tsiku la mu Novembala limene mu Lilongwe mwatentha kufika madigiri 30, makilomita anayi kapena asanu pamwamba pa mzindawo pamakhala pozizira kufika pa ziro. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, yomwe ndi yotalika mamita 3,002, siifika n'komwe pamenepo, koma mtambo wa mvula ya mabingu umadutsa pamenepo n'kupitirira mpaka makilomita 15 kapena kuposerapo. Ndiye kuti mbali yaikulu ya mtambo umene timauona utaima ngati chulu chachikulu madzulo imakhala m'chisanu choopsa.

Chimene chimaimika mtambowo ndi mphepo yokwera. Dzuwa likawotcha nthaka, mpweya wapansi umafunda n'kuyamba kukwera, monga mmene timaonera akabawi akuzungulira m'mwamba osakupiza mapiko. Mpweyawo ukakhala ndi chinyontho chambiri, umafika poti chinyonthocho chimasanduka timadontho, ndipo posandukapo chimatulutsa kutentha kumene kumaupatsa mpweyawo mphamvu yokwereranso. Mu mtambo wamphamvu, mphepo imeneyi imathamanga cholunjika kumwamba pa liwiro loposa la minibasi ya pamsewu wa M1.

Madzi okana kuuma

Apa ndi pamene pali chinsinsi choyamba. Tinaphunzira kuti madzi amaundana pa ziro, koma zimenezi si zoona nthawi zonse. Kuti kadontho kaundane, pamafunika poyambira: kafumbi ka mtundu woyenera, kapena ayezi amene alipo kale. Popanda zimenezi, kadontho kakang'ono kamakhalabe madzi ngakhale kuzizire kufika madigiri 10, 20, ngakhale 30 pansi pa ziro. Pokhapokha pakafika cha m'ma 40 pansi pa ziro m'pamene timadontho tonse timaundana tokha popanda chotithandiza.

Amene ali ndi firiji mwina anazionapo. Mumatulutsa botolo la madzi kapena la chakumwa limene lakhalitsa m'chipinda choumitsira, mukuona kuti m'katimo ndi madzi ndithu, koma mukangoligogoda kapena kulitsegula, ayezi amayala kuchokera pamwamba mpaka pansi inu mukuona. Madziwo anali atapitirira kale ziro, ankangodikira chowayambitsa.

Mtambo wa mabingu umadzaza ndi timadontho totere, tating'ono kwambiri moti kamodzi sikafika kunenepa kwa tsitsi. Tikangogunda pa ayezi, timamatirira n'kuyamba kuuma. Ichi ndicho chakudya cha talala, ndipo chimapezeka chochuluka pakati pa madigiri 10 ndi 30 pansi pa ziro. Pamwamba pa chigawo chimenechi pafupifupi zonse zinauma kale, ndipo ayezi wouma akagundana ndi ayezi mnzake amangodumphana. Choncho talala limakulira m'chigawo cha makilomita atatu okha kapena kuposerapo pang'ono, ngakhale mtambo utalike chotani.

Kanjere ka pakati kaja kamakhala ka mitundu iwiri. Nthawi zina ndi kampira kofewa koyera, komwe kanayamba ngati kachidutswa ka ayezi n'kumatola timadontho pang'onopang'ono. Nthawi zina ndi dontho la mvula lathunthu limene mphepo inalikweza n'kukaundana kumwamba, ndipo limeneli limaoneka ngati kagalasi kozungulira, mwina kong'aluka pakati. Charles ndi Nancy Knight, banja la akatswiri limene linagwira ntchito zaka zambiri ku malo ofufuzira za mlengalenga mumzinda wa Boulder ku Colorado, anadula matalala ochuluka zedi m'tizidutswa topyapyala n'kumaunika. Kafukufuku wa Nancy Knight anasonyeza kuti m'madera amene tsinde la mtambo limakhala lofunda, matalala ambiri amayambira pa dontho loundana, pamene kumalo kumene tsinde limakhala lozizira, ambiri amayambira pa kampira kofewa kaja. Kanjere kakakula kupitirira mamilimita 5, akatswiri a zanyengo amayamba kukatchula kuti talala.

Kuundana kumatenthetsa

Mawu amenewa akumveka ngati osemphana, koma nkhani yonse ya mizere yagona pamenepa. Madzi akamaundana amatulutsa kutentha. N'chifukwa chake kumbuyo kwa firiji kumafunda: kutentha kochotsedwa m'madzi ndi m'zakudya kuyenera kupita kwinakwake. Ndipo sikochepa ayi. Galamu imodzi ya madzi ikaundana imatulutsa kutentha kokwanira kukweza galamu ina ya madzi ndi madigiri 80.

Tsopano taganizani kadontho kamene kali pa madigiri 20 pansi pa ziro, kakugunda talala. Kakayamba kuuma, kutentha kumene kakutulutsa kamadzitenthetsa nako kokha. Gawo limodzi mwa magawo anayi likangouma, kadonthoko kamakhala katafika kale pa ziro, poti 20 ndi gawo limodzi mwa anayi a 80. Magawo atatu otsalawo sangaume mpaka kutenthako kutachotsedwa ndi mphepo yozizira imene ikukhudza khungu la talala. Ndiye pali mpikisano: madontho akubweretsa kutentha, mphepo ikukuchotsa. Wopambana ndi amene amasankha mtundu wa mzere.

Mphepo ikamapambana, kaya chifukwa kwazizira kwambiri kapena madontho ndi ochepa, khungu la talala limakhala louma ndi lozizira. Kadontho kalikonse kamauma pomwe kagundapo, kasanayale. M'madzi mumakhala mpweya wosungunuka, ndipo ayezi salola mpweya kukhala m'thupi mwake, amaukankhira kunja. Koma kuuma kukachitika mofulumira chonchi, mpweyawo umasowa nthawi yothawira, umatsekeredwa m'timathovu tosawerengeka. Timathovu timeneti timabalalitsa kuwala, ndipo diso limaona kuyera. Uwu ndiwo mzere wa mkaka uja.

Madontho akamapambana, khungu la talala limafunda kufika pa ziro n'kukhala lonyowa. Madzi amayala kuzungulira talala lonse, amalowa m'mipata, ndipo amauma pang'onopang'ono kuchokera m'kati. Mpweya umapeza nthawi yotuluka. Chotsatira chake ndi ayezi wolimba woonekera mkati. Onani ayezi wa m'thireyi ya m'firiji: m'mphepete, momwe kuuma kunayambira mpweya uli ndi kothawira, mumaoneka mbee ngati galasi, koma pakati, pomwe mpweya unapanikizidwira pomaliza, pamayera. Chochititsa ndi chomwecho, timathovu.

Tiyeni tione ndi manambala pa talala limodzi. Tiyerekeze kuti ndi lalikulu masentimita 2, lolemera pafupifupi magalamu 4, ndipo mphepo ikulidutsa pa liwiro la mamita 20 pa sekondi. Talala lotere limasesa mpweya wokwana malita 6 ndi pang'ono pa sekondi iliyonse, kutanthauza malita pafupifupi 380 pa mphindi, omwe ndi pafupifupi madiramu awiri a malita 200. Mtambo umaoneka wodzaza, koma madzi ake ndi ochepa modabwitsa: tinene magalamu 2 m'malita 1,000 a mpweya. Ndiye m'madiramu awiri aja talala lathu limatolamo magawo atatu mwa anayi a galamu imodzi. Zimenezi zimalikulitsa ndi milimita imodzi ndi pang'ono pa mphindi. Kuti lichoke pa kanjere ka theka la sentimita n'kufika masentimita 3, liyenera kukhala m'chigawo cha chakudya chija kwa mphindi 20 kapena kuposerapo.

Tsopano talala lomwelo lisunthire chammbali mamita mazana angapo, lilowe pakatikati pa mphepo yokwera pomwe madzi ndi magalamu 4 m'malo mwa 2. Kutentha kobwera ndi madontho kwawirikiza, koma mphamvu ya mphepo yokuchotsa sinasinthe. Khungu likhoza kunyowa, mzere wa galasi n'kuyamba. Likatulukira mbali ina ya madzi ochepa, khungu liumanso, mzere woyera n'kubwerera. Tapeza mizere itatu, koma talala silinakwere kapena kutsika.

Palinso china. Talala likamakula limasesa malo aakulu ndipo mphepo imalidutsa mofulumira, choncho madzi amene limatola amachuluka msanga kuposa mmene mphamvu yake yotaya kutentha ikukulira. Ndiye kukula pakokha kukhoza kulichotsa pa kuuma n'kulifikitsa pa kunyowa, mtambo usanasinthe chilichonse. N'chifukwa chake matalala aakulu ambiri amakhala ndi gawo lochindikala la galasi chakunja. Madzi akachuluka mopitirira, ena amagwidwa m'kati mwa ayezi asanaume, talala n'kukhala lofewa ngati siponji, loti likagwa pansi limangophwanyika phwa! Ena amathothoka ngati madontho, ndipo madontho amenewo akhoza kukaundana n'kukhala njere za matalala ena.

Sindikunena kuti talala silikwera kapena kutsika konse. Limatero, ndipo kusintha kwa kuzizira kumene limakumana nako pokwera kumasiyanso mizere. Chimene chilibe umboni ndi chakuti mzere uliwonse ndi ulendo wathunthu. Mu 2025 akatswiri a ku yunivesite ya Peking ku China anafalitsa zimene anapeza ataunika matalala 27 gawo ndi gawo. Njira yawo inali yanzeru: m'madzi muli kagawo kakang'ono ka madzi olemerako kuposa anzake, ndipo kagawoka kamachepa mtambo ukamatalika, choncho poyeza mzere uliwonse ankadziwa kutalika kumene unapangidwira. Mwa matalala 27 aja, limodzi lokha ndi limene linasonyeza kukwera ndi kutsika mobwerezabwereza. Enawo anakula akutsika pang'onopang'ono, kapena atakwezedwa kamodzi kokha, kapena akuyenda chopingasa. Matalala 27 si ambiri, koma zotsatirazi zikugwirizana ndi zimene ena anali atawerengera kale pa makompyuta.

Mphepo yoyenerana ndi katundu wake

Mphindi 20 zija ndizo vuto lalikulu la talala. Kuti likhale m'mwamba nthawi yonseyo, mphepo yokwera iyenera kufanana mphamvu ndi liwiro limene talalalo likanagwera. La sentimita imodzi limagwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 40 pa ola. Lofanana ndi dzira la nkhuku, lolemera magalamu pafupifupi 60, limafuna mphepo ya makilomita 100 pa ola kapena kuchepera pang'ono. Lofika masentimita 10 limafuna yoposa 150.

Munthu angaganize kuti mphepo ikachuluka mphamvu ndiye kuti matalala akula basi. Ayi. Mayi wouluza mapira amadziwa kuti mphepo ikakula imatenga mankhusu pamodzi ndi timbewu topepuka. Kanjere kakang'ono kakagwera pakati penipeni pa mphepo ya makilomita 150 pa ola, kamadutsa makilomita atatu a chakudya aja m'mphindi imodzi ndi pang'ono, n'kuponyedwa pamwamba, m'denga lathyathyathya lija limene limatambasukira mbali imodzi ngati bowa. Kumeneko kulibe madzi, kamafera komweko kali kakang'ono. Njere zamwayi ndi zimene zimabadwira m'timitambo ta m'mbali kapena m'mphepete mwa mphepo yokwera, momwe mphamvu ndi yochepa, n'kumasendera m'kati pang'onopang'ono. Zikamalemera zimakhala zikulowa momwe mphepo ndi yamphamvu, katundu ndi womunyamula n'kumayenerana njira yonse. Choncho kutambalala kwa mphepo yokwera n'kofunika mofanana ndi liwiro lake, chifukwa ndiko kumatalikitsa ulendo wopingasawo.

Mtambo wamba wa mabingu sukhalitsa. Mvula yake imagwera m'njira yomweyo imene mphepo ikukwerera, n'kuizimitsa pasanathe ola. Matalala ake amakhala ngati nandolo kapena nzama. Koma pamene mphepo za kumwamba zikuwomba mwamphamvu kuposa za pansi, kapena zikulowera kwina, mtambo umapendekeka ndipo nthawi zina umayamba kuzungulira. Mvula imagwera mbali imodzi, mphepo yokwera ili mbali ina, osasokonezana, ndipo mtambo wotere ukhoza kukhala maola angapo. Matalala aakulu zedi pafupifupi onse amachokera m'mitambo ya mtundu umenewu.

Umodzi mwa iyo unadutsa pa kamudzi ka Vivian ku South Dakota, m'dziko la America, pa 23 Julayi 2010. Bambo wina wa pamudzipo anatola talala lalikulu masentimita 20, lozungulira masentimita 47, lolemera magalamu pafupifupi 880. Analisunga m'firiji, koma mkunthowo unali utazimitsa magetsi kwa maola angapo, moti pamene akatswiri ankadzaliyeza linali litasungunukako kale. A zanyengo a kuderalo anawerengera kuti mphepo yokwera imene inalinyamula inaposa makilomita 250 pa ola. Pazithunzi zake siloburungira ngati mpira ayi, lili ndi nyanganyanga mbali zonse. Ena akaona nyanga zotere amaganiza kuti ndi matalala ang'onoang'ono amene anamatana, koma odula amapeza kuti mizere imapitirira kuchokera m'kati mpaka m'nyangamo. Talala likamagubuduka, pamene patukuka pamatola madontho ambiri ndiponso pamazizira msanga, ndiye pamakula kuposa pozungulira pake. Pa kulemera, la ku Vivian linaposedwa ndi la m'boma la Gopalganj ku Bangladesh, lomwe linagwa pa 14 Epulo 1986 ndipo linalemera kilogalamu imodzi ndi magalamu 20. Mvula ya tsiku limenelo inapha anthu 92.

Talala limagwa likalemera kuposa mphamvu ya mphepo, kapena likatulukira kunja kwa mphepoyo, kapena mphepoyo ikafooka. Likatsika kupitirira pa ziro paja limayamba kusungunuka, ndipo kuno kwathu kotentha ulendo wa mumpweya wofunda ndi wautali. Ang'onoang'ono ambiri safika pansi ali ayezi. Madontho akuluakulu ozizira amene amayamba kugwa mvula ya mabingu ikamafika, ambiri mwa iwo anali ayezi mphindi zochepa zapitazo. Apa kutalika kwa dera kumalowapo. Talala logwera ku Dedza, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, lili ndi ulendo wofunda wofupika ndi kilomita imodzi ndi theka poyerekeza ndi logwera ku Nsanje, komwe ndi kotsika ndiponso kotentha. Si mwangozi kuti malo odziwika ndi matalala mu Africa ndi okwera: minda ya tiyi ya ku Kericho ku Kenya, ndi chigawo chokwera cha Johannesburg ndi Pretoria, komwe abale athu okhala ku Joni amadziwa kuthamangitsira galimoto pansi pa denga mitambo ikada. Kusungunukako kumatanthauzanso kuti talala limene mwatola pabwalo lataya kale mizere yake yakunja, ndipo mukuwerenga nkhani yopanda tsamba lomaliza.

Mvula ya matalala ikadzagwanso kwanu, dikirani kaye mabingu apite, chifukwa mtambo wobala matalala ndi womwewo wobala mphenzi. Kenaka sankhani aakulu atatu kapena anayi. Musawagwire nthawi yaitali m'manja. Ngati simuwadula pompo, akulungeni m'kapepala ka pulasitiki n'kumanga bwino musanawaike m'firiji, poti ayezi wosakulunga amaphwa pang'onopang'ono ngakhale m'kozizira. Khutizani mbali imodzi pa chitsulo chofunda, mutembenuze, mukhutizenso mbali inayo mpaka mutsale ndi kachidutswa kopyapyala kokhala ndi kanjere pakati, ndipo mukaunike ndi tochi ya pafoni kuchokera kumbuyo. Ikani ndalama yachitsulo pambali pake kuti kukula kudziwike, mujambule msanga, chifukwa kachidutswa kotere sikachedwa kusanduka madzi.